Kugawa mpita wa VPN ya kampani

Kugawa mpita ndi kakonzedwe ka VPN komwe kompyuta ya munthu amene akugwira ntchito kutali ndi ofesi imatumiza mauthenga ena kudzera mu mpita wobisika wopita ku kampani, pomwe ena amatuluka mwachindunji pa intaneti ya pamalo pomwe munthuyo ali. M'mapulogalamu ambiri a VPN mbali imeneyi imaoneka ndi dzina loti `Split tunneling`. Kakonzedwe kosiyana ndi aka ndi mpita wathunthu, pomwe chilichonse chochoka pa kompyutayo chimayamba chafika ku kampani, ngakhale chitakhala cha tsamba la nkhani kapena vidiyo yosakhudzana ndi ntchito.

Amene amasankha zodutsa mu mpita ndi oyang'anira netiweki ya kampani, koma chisankho chawocho chimakagwira ntchito pa laputopu ya wogwira ntchito, mu mndandanda wa njira womwe kompyuta iliyonse imasunga. Mndandandawu sudziwa kuti uthenga uwu ndi wa ntchito kapena ndi wa macheza, ndi wachinsinsi kapena ayi. Umangoona adiresi ya komwe uthengawo ukupita. Zabwino za kugawa mpita komanso mavuto ake ambiri zimachokera pa mfundo imeneyi.

## Mpita wa VPN

Mauthenga a pa intaneti amayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imanyamula adiresi ya IP ya komwe ikuchokera ndi ya komwe ikupita. Pulogalamu ya VPN ikayatsidwa imapanga khomo latsopano la netiweki mkati mwa kompyuta, khomo lomwe lilibe waya kapena wayifayi yakeyake. Paketi ikalowa pa khomo limeneli, pulogalamuyo imaibisa ndi makiyi achinsinsi, n'kuikulunga mu paketi ina yolembedwa adiresi ya chipata cha VPN cha ku kampani. Paketi yakunjayi imatulukabe pa wayifayi ya kunyumba monga ina iliyonse. Ikafika pa chipata imamasulidwa, ndipo yamkatiyo imapitirira ngati kuti yachokera mu ofesi momwemo. Ulendo wobisikawu ndiwo umatchedwa mpita.

Choncho laputopu yomwe VPN yake ndi yoyatsa imakhala ndi makomo awiri, lenileni ndi la mpita. Pa paketi iliyonse imayenera kusankha limodzi.

## Mmene kompyuta imasankhira khomo

Mzere uliwonse wa mndandanda wa njira umatchula gulu la maadiresi ndi khomo lomwe mapaketi opita ku gululo ayenera kutulukira. Gulu limalembedwa ngati adiresi yotsatiridwa ndi nambala, mwachitsanzo `10.20.0.0/16`. Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32, ogawidwa m'manambala anayi a mabiti 8. Nambala ya pambuyo pa kamzere imanena mabiti angati akumayambiriro omwe sasintha. Pa `/16` manambala awiri oyamba sasintha, ndiye gululi likuphatikiza maadiresi onse oyamba ndi `10.20`, omwe alipo 65,536. Gulu la `/24` lili ndi maadiresi 256, la `/32` ndi adiresi imodzi yokha, ndipo `0.0.0.0/0` ndi maadiresi onse. Mzere wa `/0` umagwira paketi iliyonse yomwe sinapeze mzere wina.

Adiresi imodzi ikhoza kugwirizana ndi mizere ingapo. Zikatero kompyuta imatsata mzere womwe nambala yake ya pambuyo pa kamzere ndi yaikulu, ndiye kuti wa gulu laling'ono kuposa ena. Malo a mzere pa mndandanda alibe kanthu, ndipo mzere wa VPN supatsidwa ulemu wapadera. Pokhapokha mizere iwiri ikafanana kukula m'pamene kompyuta imayang'ana nambala ina yotchedwa metiriki, n'kusankha mzere wa metiriki yotsika.

Lamuloli limaoneka bwino pa mmene OpenVPN imapangira mpita wathunthu. Ikapatsidwa `redirect-gateway def1` sifufuta mzere wa `/0` wopita ku rauta ya kunyumba. Imangoonjezera mizere iwiri, `0.0.0.0/1` ndi `128.0.0.0/1`, yomwe pamodzi imakwanira maadiresi onse a IPv4 ndipo imapambana mzere wakale uja chifukwa 1 ndi wamkulu kuposa 0. Imaonjezeranso mzere wa adiresi ya chipata chokha, woloza ku rauta ya kunyumba. Popanda mzere umenewu paketi yakunja ija ikanabwereranso mu mpita womwe ikuunyamula, ndipo sikanafika kulikonse.

Kugawa mpita ndiye kulemba mizere imeneyi mwadala, kuti magulu ena aloze khomo la mpita ndipo ena aloze khomo lenileni.

## Kulowetsa zochepa kapena kutulutsa zochepa

Pali njira ziwiri zogawira. Yoyamba ndi yolemba zokhazo zoyenera kulowa mu mpita, monga maseva a mu ofesi, ndipo zina zonse zimatuluka mwachindunji. Yachiwiri ndi yolowetsa zonse mu mpita n'kulemba zochepa zololedwa kutuluka, monga misonkhano ya pa vidiyo. Pa zipata za Cisco ASA chisankhochi chimalembedwa ndi `split-tunnel-policy`, ndipo mawu ake ndi `tunnelspecified` pa njira yoyamba, `excludespecified` pa yachiwiri, ndi `tunnelall` pa mpita wathunthu.

Kusiyana kwenikweni kwa njira ziwirizi kuli pa zomwe zimachitikira chinthu choiwalika. Pa njira yoyamba, adiresi yomwe palibe anaikumbukira imatuluka kunja kwa mpita, ndipo ngati ntchitoyo ikuthekabe palibe amene amazindikira. Pa njira yachiwiri choiwalikacho chimalowa mu mpita, chimachedwa pang'ono kapena kudzaza laini ya kampani, koma chimadutsabe pa makina osefa a kampaniyo. N'chifukwa chake mabungwe osunga zinsinsi za anthu amakonda yachiwiri, ndipo makampani ang'onoang'ono okhala ndi maseva ochepa mu ofesi amakonda yoyamba.

Pa mafoni a Android ndi iOS palinso kugawa potengera pulogalamu, pomwe ya imelo ya kuntchito imagwiritsa mpita ndipo zina ayi. Pa malaputopu a makampani kugawa potengera adiresi ndiko kofala.

## Chifukwa chogawira

VPN za makampani zinayamba kufala nthawi yomwe imelo, mafayilo ndi mabuku a ndalama zonse zinali pa maseva a mu ofesi. Kutumiza zonse kumeneko kunali kwanzeru. Lero zambiri mwa zimenezi zili pa maseva a makampani ena a pa intaneti, ndipo mpita wathunthu umachititsa kuti paketi izungulire ku likulu isanapite komwe ikufunika.

Kulemera kwa kuzungulirako kumaoneka pa masamu osavuta. Tiyerekeze kampani ya antchito 200 omwe ali kunyumba, ndipo likulu lake lili ndi laini ya intaneti ya mamegabiti 200 pa sekondi polowa ndi 200 potuluka. M'mawa wina anthu 80 ali pa misonkhano ya vidiyo nthawi imodzi, aliyense akutumiza mamegabiti 1.5 pa sekondi n'kulandira ena 1.5. Pa mpita wathunthu, vidiyo yomwe munthu akutumiza imalowa ku likulu kenako n'kutulukanso kupita ku seva ya msonkhano. Yomwe akulandira nayo imalowa ku likulu n'kutulukanso kupita kwa iye. Munthu aliyense ndiye akudya mamegabiti 3 polowa ndi 3 potuluka, ndipo anthu 80 akufuna 240 mbali iliyonse pa laini ya 200. Mawu amayamba kuduka, zithunzi zimaima, ndipo wowerengera ndalama yemwe sali pa msonkhano uliwonse amalephera kutsegula fayilo yake chifukwa laini ndi yomweyo.

Vutoli linaonekera kwambiri mu 2020, mliri wa Covid-19 utachititsa kuti maofesi athunthu ayambe kugwirira ntchito kunyumba pa zipata zomwe zinagulidwira anthu ochepa oyenda maulendo. Chaka chimenecho Microsoft inalangiza makasitomala a Office 365 kuti atulutse mu mpita kagulu kochepa ka maadiresi ake. Kampaniyi imagawa maadiresi a ntchito zake m'magulu atatu, `Optimize`, `Allow` ndi `Default`, ndipo inalangiza kutulutsa gulu loyambalo, lomwe ndi lalifupi, silisinthasintha, ndipo malinga ndi Microsoft limanyamula pakati pa 70 ndi 80 pa 100 ya deta yonse yopita ku ntchitozo. Mawu ndi vidiyo za Teams zili m'gulu limeneli. Zimayenda pa UDP, mapoti 3478 mpaka 3481, ndipo limodzi mwa magulu a maadiresi ake ndi `52.112.0.0/14`.

## Chitsanzo cha kusankha

Kampani yongoyerekeza ija yasankha njira yoyamba, ndipo ikugwiritsa ntchito WireGuard, pulogalamu ya VPN yolembedwa ndi Jason Donenfeld yomwe inalowa mu Linux 5.6 mu 2020. Maadiresi a pa intaneti omwe ali m'chitsanzochi ndi a m'magulu osungidwira zitsanzo zokha. Woyang'anira netiweki akuyamba ndi kulemba malo onse omwe antchito amapitako, n'kufunsa pa malo aliwonse ngati angafikike popanda mpita, ndiponso chomwe kampani ingataye ngati sakudutsa ku likulu.

Maseva a mu ofesi safuna kuganiza kwambiri. Onse ali m'gulu la `10.20.0.0/16`, lomwe ndi mbali ya maadiresi a mkati omwe chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula: `10.0.0.0/8`, `172.16.0.0/12` ndi `192.168.0.0/16`. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti ya onse, choncho popanda mpita sangafikike. Woyang'anira waulesi akhoza kungolemba `10.0.0.0/8` yonse kuti asadzavutike mtsogolo, koma mahotela ndi malo ena a wayifayi amagwiritsanso maadiresi oyamba ndi 10, ndipo mzere waukulu chotero ukhoza kumeza tsamba lolowera la hoteloyo kapena seva yake ya mayina. Gulu lokhalo lomwe kampani ikugwiritsadi ntchito ndilo loyenera kulembedwa.

Misonkhano ya vidiyo, masamba wamba ndi mafayilo okonzera makompyuta zikutuluka mwachindunji. Pa njira yoyamba sizifuna mzere uliwonse, chifukwa mzere wa `/0` ukulozabe ku rauta ya kunyumba.

Pomwe pamafunika maso ndi pa ntchito za pa intaneti zomwe zimangolola olowa kuchokera ku adiresi ya kampani. Kampaniyi imalipira antchito kudzera pa seva ya kampani ina, pa `198.51.100.40`, ndipo mgwirizano wawo ndi woti sevayo izikana aliyense wosachokera ku adiresi ya likulu. Sevayo ili pa intaneti ya onse, choncho ikaiwalika paketi imatulukira kunyumba, n'kufika ili ndi adiresi ya intaneti ya kunyumbako, n'kukanidwa. Chizindikiro chake n'chodziwika: tsambalo limatseguka mu ofesi, limakana kunyumba, pomwe VPN ikuonetsa kuti yalumikizidwa bwinobwino. Adiresi imeneyi iyenera kulowa mu mpita, ndipo chipata chiyenera kukonzedwa kuti chizitulutsa paketiyo pa intaneti itavala adiresi ya likulu.

Fayilo ya pa laputopu ikuoneka motere:

```
[Interface]
Address = 10.99.0.14/32
PrivateKey = ...

[Peer]
PublicKey = ...
Endpoint = 203.0.113.10:51820
AllowedIPs = 10.20.0.0/16, 198.51.100.40/32
```

Chisankho chonse chili pa mzere wa `AllowedIPs`. Pulogalamu ya `wg-quick` imatenga magulu awiriwo n'kuwaika pa mndandanda wa njira, oloza khomo la mpita lotchedwa `wg0`. Mzere womwewo umagwiranso ntchito yachiwiri, yokana paketi iliyonse yotuluka mu mpita yomwe adiresi yake yochokera siili m'magulu olembedwawo. Kuti mpita ukhale wathunthu pamalembedwa `0.0.0.0/0, ::/0`. Fayilo ya WireGuard ilibe mzere wolemba zotulutsa, choncho wofuna njira yachiwiri amayenera kuwerengera yekha magulu otsala kapena kuonjezera mizere ina pa mndandanda wa njira.

Patatha masiku ochepa wantchito wina akudandaula kuti sakufika pa seva yakale ya katundu, yomwe inatsala pa `192.168.1.50` kuyambira kampani ili yaing'ono. Woyang'anira akuonjezera `192.168.1.0/24` mu mpita, ndipo zinthu zikuipiraipira. Marauta ambiri a m'nyumba amabwera atakonzedwa kale kuti azigawa maadiresi a `192.168.0.0/24` kapena `192.168.1.0/24`. Pa laputopu ya wantchitoyu tsopano gulu limodzi likufunidwa ndi makomo awiri. Mzere wa kunyumba ukapambana, seva ya katundu sikufikikabe. Wa mpita ukapambana, pulinta ya m'nyumba ikusowa. Anzake omwe marauta awo amagawa maadiresi ena sakuona vuto lililonse, zomwe zimachedwetsa kupeza gwero lake, popeza aliyense amayamba ndi kukayikira laputopu ya wodandaulayo.

Chothandiza msanga ndi kulemba `192.168.1.50/32` m'malo mwa gulu lonse. Mzere wa `/32` umapambana wa `/24` wa kunyumba pa adiresi imodzi yokhayo, ndipo zina zonse za m'nyumba zimatsala mmene zinalili, kupatula ngati chipangizo china cha m'nyumbamo chapatsidwanso nambala 50. Mankhwala okhalitsa ndi kusamutsira seva yakaleyo m'gulu la `10.20.0.0/16`.

## Mayina ndi maadiresi

Anthu salemba maadiresi, amalemba mayina. Kompyuta isanatumize paketi yoyamba imafunsa seva ya DNS kuti dzina lakutilakuti lili pa adiresi iti, ndipo mndandanda wa njira umayamba kugwira ntchito yankho litabwera. Ndiye kugawa mpita kuli ndi chisankho chachiwiri, cha seva yofunsidwa.

Seva ya mafayilo ya kampani ija ili ndi dzina loti `mafayilo.kampani.example` ndi adiresi `10.20.4.15`. Dzinali limadziwika ndi seva ya DNS ya mu ofesi yokha, pa `10.20.0.53`. Laputopu ikapitiriza kufunsa rauta ya kunyumba, yankho limakhala loti dzinalo kulibe. Mpita uli bwino, mizere ili bwino, koma kwa wantchitoyo VPN yafa. Kuti vuto lili pa mayina zimadziwika poyesa adiresi mwachindunji: ngati `10.20.4.15` ikufikika koma dzina likukana, mndandanda wa njira ulibe mlandu.

Njira yachidule ndi kutumiza mafunso onse a mayina ku seva ya kampani, ndipo ambiri amachita zimenezi. Ili ndi mtengo wake. Kampani imaona dzina la tsamba lililonse lomwe wantchito watsegula, ngakhale tsambalo silikudutsa mu mpita. Makampani akuluakulu a pa intaneti nthawi zambiri amayankha ndi adiresi ya seva yapafupi ndi komwe funso lachokera, choncho munthu amene ali kutali ndi likulu akhoza kutumizidwa ku seva yapafupi ndi likululo, ndipo liwiro lomwe kugawa mpita kunafuna kupulumutsa limatayika. Komanso mpita ukangodukiza, intaneti yonse imaoneka ngati yazima chifukwa palibe dzina lomwe likuyankhidwa.

Chokonzera n'kugawanso mafunsowo, kuti mayina othera ndi `kampani.example` okha azipita ku seva ya mu ofesi. Pa Windows zimachitika ndi lamulo la NRPT, ndipo pa Linux yogwiritsa systemd-resolved zimachitika ndi `resolvectl`:

```
Add-DnsClientNrptRule -Namespace ".kampani.example" -NameServers "10.20.0.53"

resolvectl dns wg0 10.20.0.53
resolvectl domain wg0 "~kampani.example"
```

Pali msampha umodzi womwe umasocheretsa ngakhale amisiri. Pa Windows, `nslookup` sitsata malamulo a NRPT, choncho ikhoza kunena kuti dzina kulibe pomwe mapulogalamu ena akulipeza. Chida choyenera kuyesera ndi `Resolve-DnsName`.

Mayina amavutanso mbali ina. Seva ya malipiro ija ili pa adiresi imodzi lero, koma eni ake akhoza kuisamutsa osauza aliyense, kapena kuiika kumbuyo kwa netiweki yogawa masamba komwe adiresi imodzi imatumikira masamba ambirimbiri a eni osiyanasiyana. Ikasamuka, mzere wa `/32` umaloza pachabe ndipo anthu amayambanso kukanidwa. Ikakhala yogawana, kuilowetsa mu mpita kumalowetsanso masamba ena onse a pa adiresiyo. Mapulogalamu ena a VPN, monga a Cisco ndi a Palo Alto Networks, amatha kugawa potengera dzina, zomwe zimachepetsa ntchito yolondola maadiresi osinthasintha.

## Kudziwa komwe paketi ikudutsa

Chizindikiro chobiriwira cha pulogalamu ya VPN chimangonena kuti mpita ulipo. Sichinena zomwe zikudutsamo. Yankho lodalirika limachokera ku mndandanda wa njira, womwe ukhoza kufunsidwa za adiresi imodzi. Malamulo otsatirawa ndi a Linux, macOS ndi Windows motsatizana:

```
ip route get 198.51.100.40
route -n get 198.51.100.40
Find-NetRoute -RemoteIPAddress 198.51.100.40
```

Lililonse limatchula khomo lomwe paketi itulukire. Likatchula khomo la wayifayi pa adiresi yomwe inayenera kulowa mu mpita, ndiye kuti mzere ukusowa kapena wapambanidwa ndi wina wa gulu laling'ono. Kufufuza kwabwino kumayamba ndi dzina, kuti lipereke adiresi yomwe kompyutayo ikuigwiritsadi ntchito, kenako adiresiyo ndiyo imafunsidwa njira.

Potero m'pamene pamapezeka kutayikira kwa IPv6. Ngati intaneti ya kunyumba imapereka IPv6 ndipo tsamba lili ndi maadiresi a mitundu yonse iwiri, kompyuta nthawi zambiri imasankha wa IPv6. Mizere yonse yolembedwa ya IPv4 yokha siigwira paketi yoteroyo, ndipo imatuluka kunja kwa mpita ngakhale pa kakonzedwe komwe eni ake amakhulupirira kuti n'kathunthu.

## Chitetezo

Otsutsa kugawa mpita amatchula zinthu ziwiri. Choyamba, zotuluka mwachindunji sizidutsa pa makina osefa a ku likulu, omwe amatchinga masamba oipa ndi kusunga mbiri ya zomwe zachitika. Laputopu ikagwidwa ndi pulogalamu yoipa n'kuyamba kutumiza mafayilo kwa akuba, likulu siliona kalikonse. Chachiwiri, laputopuyo imakhala yolumikizidwa ku netiweki ya kampani ndi ku netiweki yosadalirika nthawi imodzi, ndipo woilanda akhoza kuigwiritsa ntchito ngati mlatho wolowera mkati.

Pa zifukwa zimenezi bungwe la NIST la ku United States linaika nkhaniyi m'miyezo yake. Mfundo 3.13.7 ya mtundu wachiwiri wa SP 800-171, muyezo wokhudza makampani osunga zinthu zosaulutsidwa za boma la dzikolo, imaletsa kugawa mpita. Mtundu wachisanu wa SP 800-53, wotuluka mu 2020, pa mfundo SC-7(7) umaletsanso, koma umalola ngati kugawako kwakonzedwa ndi zotetezera zomwe bungwe lakhazikitsa. Kampani yomangidwa ndi mgwirizano wotchula miyezo yotere siyambira pa masamu a laini, imayambira pa zomwe inasainira.

Ovomereza kugawa amayankha kuti mpita wathunthu umateteza zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Masamba ambiri lero amabisa kale mauthenga awo ndi HTTPS, ndipo makina osefa saona zamkati pokhapokha kampani ikamamasula dala mauthengawo, zomwe pa mawu ndi vidiyo za misonkhano sizipindula. Laputopu imakhalanso pa intaneti nthawi yonse yomwe VPN ndi yozimitsa, ndipo ikhoza kugwidwa nthawi imeneyo n'kulowa nazo mu mpita mawa lake. Kwa iwo kusefa kuyenera kukhala pa laputopu penipeni, ndipo chipata chizilola munthu aliyense kufika pa maseva okhawo a ntchito yake. Mbali zonse zimagwirizana pa chinthu chimodzi, choti mndandanda wa zogawa uzichokera ku kampani ndipo wantchito asathe kuusintha yekha.

Ngakhale pamenepo, kampani si yokhayo yomwe ingalembe mizere pa mndandanda wa njira. Mu Meyi 2024 ofufuza a Leviathan Security Group anafalitsa njira yoba mauthenga yomwe anaitcha TunnelVision, yolembetsedwa ngati CVE-2024-3661. Laputopu ikalowa pa wayifayi imapatsidwa adiresi ndi seva ya DHCP ya pamalopo, ndipo mbali 121 ya DHCP imalola sevayo kuperekanso mizere ya njira. Wakuba yemwe akuyendetsa seva yoteroyo pa wayifayi ya anthu onse akhoza kupereka mizere ya magulu ang'onoang'ono kuposa a VPN. Mizereyo imapambana pa lamulo lomwe lija, ndipo mapaketi amatulukira pa khomo lenileni osabisidwa ndi VPN, pulogalamu ikuonetsabe kuti yalumikizidwa. Zomwe zinabisidwa kale ndi HTTPS zimakhalabe zobisika, koma komwe zikupita kumaoneka, ndipo zosabisidwa zimawerengeka. Android sinakhudzidwe chifukwa sitsata mbali 121. Pa makompyuta ena, zotchinjiriza zake ndi kukonza kuti mbali imeneyi isamatsatidwe VPN ikayatsidwa, kapena kuika malamulo osefa pa laputopu omwe amakana paketi iliyonse ya magulu a kampani yofuna kutulukira pa khomo lenileni. Malamulo oterewa amasandutsa kuba kukhala kuduka chabe: wantchito amalephera kufika pa seva, n'kuimbira foni woyang'anira netiweki.